Mdulidwe ndi HIV: kuyerekeza njira zodziwira ngati chinthu chikuyambitsadi chinzake

Mu 2004 kafukufuku wamkulu wa zaumoyo wa DHS anayeza magazi a anthu m'zigawo zonse za Malawi, ndipo panatuluka zodabwitsa: amuna amene ananena kuti anadulidwa ndiwo anapezeka ndi kachilombo ka HIV mochuluka kuposa osadulidwa. Chaka chotsatira, ku Orange Farm, kufupi ndi Johannesburg ku South Africa, kafukufuku wina anapeza kuti mdulidwe umachepetsa chiopsezo choti mwamuna atenge kachilomboka ndi pafupifupi 60 pa 100. Palibe ananama pa awiriwa, ndipo palibe analakwitsa kuwerenga. Anasiyana pa funso limene njira yawo inkatha kuyankha. Woyamba ankayankha funso lakuti "ndani ali nako", pamene wachiwiri ankayankha lakuti "chingachitike n'chiyani tikamudula munthu amene akanakhala wosadulidwa".

Zinthu ziwiri zikamayendera limodzi, pamakhala zifukwa zingapo zotheka. Mwina choyambacho chikuchititsa chachiwiri, mwina chachiwiri ndicho chikuchititsa choyamba, mwina pali chachitatu chimene chikukoka zonse ziwiri, kapena zangokumanizana. Anthu ena amati mango osapsa amayambitsa malungo, ndipo sikuti sanaone kanthu: nyengo ya mango imakumanadi ndi kuyamba kwa malungo ambiri. Koma mvula ikayamba udzudzu umaswana, ndipo mango angopezeka pamalopo. Ntchito ya wofufuza ndi kutseka zifukwa zinazo chimodzichimodzi mpaka chotsala chikhale chovuta kuchikana. Njira iliyonse imatseka zina n'kusiya zina, ndipo nkhani ya mdulidwe ndi yabwino kuyerekezera chifukwa inadutsa m'njira pafupifupi zonse m'zaka makumi awiri.

Kuyerekeza madera

Njira yotsika mtengo kwambiri ndi kutenga mapu awiri n'kuwasanjikiza. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ofufuza anaona kuti mayiko a kumadzulo kwa Africa, kumene amuna ambiri amadulidwa, anali ndi HIV yochepa, pamene kum'mawa ndi kum'mwera, kumene ambiri sadulidwa, mliri unali utakula. Cha m'ma 1997 panachitika kafukufuku woyerekeza mizinda inayi: Cotonou ku Benin, Yaoundé ku Cameroon, Kisumu ku Kenya ndi Ndola ku Zambia. Ku Cotonou ndi ku Yaoundé pafupifupi amuna onse anali odulidwa ndipo HIV inali yochepa. Ku Kisumu ndi ku Ndola odulidwa anali ochepa ndipo HIV inali yambiri.

Izi zimapatsa munthu chidwi, koma sizipitirira pamenepo. Cotonou ndi Ndola zimasiyana pa zinthu zambirimbiri: nthawi imene kachilombo kanafika, msinkhu umene anthu amakwatira, kuchuluka kwa matenda ena opatsirana pogonana, kayendedwe ka amuna opita kukagwira ntchito kutali. Chilichonse mwa izi chingathe kufotokoza kusiyanako. Vuto linanso n'lakuti mapu sakuuzani za munthu. Mzinda ungakhale ndi odulidwa ambiri komanso HIV yochepa, koma osadziwa ngati odulidwawo ndiwo akupulumuka. Njirayi ndi yabwino podzutsa funso, ndipo ine sindingaikhulupirire pa china choposa apo.

Kufunsa ndi kuyeza anthu kamodzi, kenako kugawa m'magulu

Apa ndiye pagona nkhani ya Malawi. Kafukufuku ngati wa DHS amafunsa munthu aliyense ngati anadulidwa, amamuyeza magazi, basi. Ndi wamphamvu kuposa mapu chifukwa akuona munthu payekha, koma m'Malawi mdulidwe sunagawike mofanana m'dziko. Odulidwa ambiri nthawi imeneyo anali a m'chigawo cha kum'mwera, makamaka Ayao amene amapita kujando ndi ena mwa Alomwe, ndipo chigawo cha kum'mwera ndicho chinali ndi HIV yochuluka kuposa chapakati ndi chakumpoto, kwa odulidwa ndi osadulidwa omwe. Choncho mukasonkhanitsa odulidwa onse a m'dziko, mwasonkhanitsa anthu okhala kumene kachilombo kachuluka.

Tiyeni tione mmene zimachitikira ndi manambala ongopeka, osati a kafukufuku weniweni, koma osavuta kuwerengera. Tinene kuti dera loyamba lili ndi amuna 1,000, ndipo kachilombo n'kochuluka. Mwa iwo 600 ndi odulidwa, ndipo 12 pa 100 alionse ali nako, kutanthauza anthu 72. Osadulidwa alipo 400, ndipo 20 pa 100 alionse ali nako, kutanthauza anthu 80. Dera lachiwiri lilinso ndi amuna 1,000, koma kachilombo n'kochepa. Odulidwa alipo 100 okha, ndipo atatu ali nako. Osadulidwa alipo 900, asanu pa 100 alionse ali nako, kutanthauza anthu 45.

M'dera lililonse odulidwa ali bwinoko: 12 poyerekeza ndi 20, atatu poyerekeza ndi asanu. Tsopano phatikizani madera awiriwa. Odulidwa onse ndi 700, ndipo 75 ali ndi kachilombo, pafupifupi 11 pa 100. Osadulidwa ndi 1,300, ndipo 125 ali nako, osakwana 10 pa 100. Zatembenuka. Palibe nambala yasintha, tangochotsa mzere wolekanitsa madera, ndipo mdulidwe ukuoneka ngati woopsa. Dera ndilo chachitatu chija chokoka zonse ziwiri.

Mankhwala ake ndi amene mwaona kale: gawani anthu m'magulu ofanana, n'kuyerekeza mkati mwa gulu lililonse. A kum'mwera ayerekezedwe ndi a kum'mwera anzawo, a m'tauni ndi a m'tauni, a zaka za m'ma 20 ndi anzawo a msinkhu womwewo. Magulu akachuluka, ofufuza amagwiritsa ntchito masamu a pakompyuta, koma ganizo lake ndi lomwelo. Mukamawerenga lipoti n'kuona mawu akuti "titaganizira msinkhu, dera ndi maphunziro", akunena zimenezi.

Njirayi ili ndi malire atatu, ndipo ndi ofunika kuwadziwa chifukwa akafukufuku ambiri amene timamva pawailesi ndi a mtundu umenewu. Oyamba ndi akuti mungagawe anthu potengera zimene munayeza zokha, ndipo zina siziyezeka bwino. Funsani mwamuna kuti wagonana ndi anthu angati chaka chino, yankho lake lidalira amene akufunsa. Ngakhale mdulidwe weniweniwo, ena amayankha kuti anadulidwa chifukwa anapita kuchinamwali, pamene khungu linachotsedwa pang'ono chabe kapena silinachotsedwe n'komwe. Achiwiri ndi akuti kafukufuku wa tsiku limodzi sakuuzani chimene chinayamba. Kumene mdulidwe si mwambo, amuna ena amadulidwa kuchipatala chifukwa cha zilonda kapena matenda ena a kumaliseche, ndipo ena a iwo amakhala atatenga kale kachilombo. Pamenepo matenda ndiwo abweretsa mdulidwe, osati mdulidwe kubweretsa matenda.

Malire achitatu ndi amene amapunthwitsa ngakhale ophunzira. Si chilichonse chimene muyenera kugawira anthu. Mdulidwe umachepetsa zilonda za kumaliseche, ndipo zilondazo zimatsegulira HIV njira. Mukayerekeza okhala ndi zilonda okhaokha, ndiponso opanda zilonda okhaokha, mwafafaniza gawo lina la chitetezo chenicheni cha mdulidwe, chifukwa chitetezocho chimadutsa pa zilondazo. Dera ndi chipembedzo zimabwera mdulidwe usanachitike, ndiye n'zoyenera kugawira. Zilonda zimabwera pambuyo pake, ndiye muyenera kuganiza kawiri. Kompyuta singakuuzeni kusiyana kumeneku, mumayenera kudziwa nokha mmene zinthuzo zimatsatizirana.

Kutsatira anthu kwa zaka

Njira yachitatu imathetsa vuto la chimene chinayamba. Mumayamba ndi anthu opanda kachilombo, mumalemba amene anadulidwa ndi amene sanadulidwe, ndiye mumawayeza mobwerezabwereza n'kuona amene akutenga. Ku Rakai, ku Uganda, ofufuza anatsatira mabanja amene mkazi anali ndi kachilombo koma mwamuna analibe, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2000. Mwa amuna 137 osadulidwa, 40 anatenga. Mwa amuna 50 odulidwa, palibe ndi mmodzi yemwe.

Manambala ngati amenewa amachititsa munthu kufuna kutseka nkhani. Ubwino wake ndi woti amuna onsewa anali pa chiopsezo chodziwika, chifukwa kachilombo kanali m'nyumba mwawo. Koma ku Rakai odulidwa ambiri anali Asilamu. Asilamu ambiri samwa mowa, amasamba akagonana, ndipo maukwati awo ali ndi kayendedwe kawo. Ndiye chikuteteza n'chiti, mpeni kapena moyo wa Chisilamu? Simungagawe bwino potengera chipembedzo pamene pafupifupi Msilamu aliyense ndi wodulidwa, palibe womuyerekeza naye. N'chifukwa chake mu 2003 gulu la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa akafukufuku n'kuwapima, linati umboni sunakwane woti n'kulimbikitsira mdulidwe ngati njira yopewera HIV, ndipo linati kudikiridwe akafukufuku ogawa anthu m'magulu mwa maere amene anali atayamba.

Ena anaona ngati kumeneku n'kuchedwetsa zinthu anthu akufa, ndipo dandaulo lawo ndimalimvetsa. Koma osamalawo anali ndi chifukwa. Zaka zingapo m'mbuyo mwake, akafukufuku otsatira anthu anaonetsa kuti odya masamba ndi zipatso zambiri, amene magazi awo anali ndi beta-karotini wochuluka, chinthu chopezeka m'zakudyazo, ankadwala khansa ya m'mapapo mochepa. Atayesa ndi maere ku Finland pa amuna osuta fodya oposa 29,000, zotsatira za mu 1994 zinaonetsa kuti opatsidwa mapilitsi a beta-karotini ndiwo anadwala khansayo kwambiri, ndi 18 pa 100 kuposa anzawo. Beta-karotini m'magazi chinali chizindikiro cha munthu wodya bwino ndi wodzisamala, ndipo mapilitsi sanabweretse zinazo.

Maere

Vuto la njira zonse zitatuzi ndi limodzi: amene anadulidwa anasankhidwa ndi china chake, kaya mtundu, chipembedzo, dera kapena matenda, ndipo chosankhacho chimabwera ndi katundu wake. Njira ya maere imachotsa chosankhacho. Ku Orange Farm, gulu lotsogoleredwa ndi Bertran Auvert linalemba anyamata 3,274 a zaka 18 mpaka 24, osadulidwa, amene onse anali okonzeka kudulidwa. Aliyense ankalandira envelopu yomata. Mkati munali polemba kuti adulidwe nthawi yomweyo kapena adikire mpaka kafukufuku atatha. Onse analangizidwa za kudziteteza, anapatsidwa makondomu, ndipo ankabwera kudzayezedwa pa mwezi wachitatu, wa 12 ndi wa 21.

Mphamvu ya envelopuyo ndi yoti sidziwa munthu. Sidziwa womwa mowa, wokonda akazi, wopemphera kapena woyendetsa minibasi. Anthu akachuluka, omwa mowa amagawika pafupifupi mofanana m'magulu awiriwo, chimodzimodzi okonda akazi, chimodzimodzinso zinthu zimene palibe anaganiza zoyeza. Apa ndiye maere amaposa masamu onse a njira yachiwiri ija: masamu amakonza zimene mwayeza, pamene maere amalinganiza ndi zimene simukuzidziwa zomwe. Pamapeto magulu awiriwo amasiyana pa chinthu chimodzi chimene inu mwachita, ndiye kusiyana kwa zotsatira kumachokera kwa icho kapena kwa mwayi chabe, ndipo kukula kwa mwayiwo kumawerengeka.

M'gulu la odulidwa, anthu 20 anatenga kachilombo. M'gulu lodikira, 49. Kuwerengera pa chaka, mwa amuna 100 alionse osadulidwa, 2.1 ankatenga, pamene mwa odulidwa anali 0.85. Mukagawa 0.85 ndi 2.1 mupeza 0.4, ndiye kuti chiopsezo chatsala magawo anayi mwa khumi, chatsika ndi asanu ndi limodzi. Apa ndi pamene panachokera 60 pa 100 amene amatchulidwa m'zipatala. Nambalayi ambiri amaimva molakwika. Sikutanthauza kuti amuna 60 mwa 100 ndi otetezeka kotheratu. Ikutanthauza kuti pamene akanatenga anthu khumi, atenga anayi, ndipo anayiwo ndi odulidwa.

Kafukufuku mmodzi, ngakhale wa maere, sakwanira. Anthu 20 ndi 49 si ambiri, ndipo ku Orange Farm kafukufukuyu anaimitsidwa nthawi yake isanakwane, komiti yoyang'anira itaona kuti sikoyenera kupitiriza kudikiritsa gulu linalo. Kuimitsa msanga kumakonda kukuza phindu, chifukwa mumaima pamene manambala akuoneka okoma. Chimene chinalimbitsa nkhaniyi ndi kubwereza. Ku Kisumu, Robert Bailey ndi anzake anachita chimodzimodzi ndi anyamata 2,784, ndipo anatenga ndi 22 mwa odulidwa, 47 mwa odikira. Ku Rakai, Ronald Gray ndi anzake anali ndi amuna 4,996 a zaka 15 mpaka 49, a kumudzi, ambiri okwatira, ndipo anapeza chitetezo cha pafupifupi theka. Akafukufuku awiriwa anaimitsidwa mu Disembala 2006. Mayiko atatu, magulu atatu a ofufuza, tauni ndi mudzi, koma yankho lofanana. Mu Malichi 2007 mabungwe a WHO ndi UNAIDS analimbikitsa mdulidwe wa kuchipatala ngati njira imodzi yowonjezera popewa HIV.

Otsutsa anali ndi mfundo zoyenera kuyankhidwa. Pa mankhwala, mungapatse gulu lina pilitsi lopanda kanthu kuti asadziwe gulu limene ali, koma munthu sangadulidwe osadziwa. Ndiye mwina odulidwa anasintha khalidwe? Ofufuza anafunsa, ndipo ku Orange Farm odulidwa ankagonana mochulukirapo pang'ono, osati mochepa, kotero ngati panali kukondera, kunali kochepetsa phindu. Komanso chotsatira chake chinali magazi oyezedwa mulabotale, osati mmene munthu akudzimvera. Ena anati odulidwa anauzidwa kuti asagonane milungu isanu ndi umodzi bala likupola, ndiye anali ndi nthawi yochepa yotengera. N'zoona, koma milungu imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi chaka ndi theka chimene anatsatiridwa, ndipo ku Kisumu ndi ku Rakai atapitiriza kutsatira amunawo zaka zisanu kapena kuposerapo, chitetezo chinalipobe. Panalinso kufotokoza kwa m'thupi: mkati mwa khungu lakunsonga muli maselo ambiri amene HIV imalowerapo, ndipo khungulo limang'ambika mosavuta. Kufotokoza koteroko pakokha sikutsimikiza kanthu, beta-karotini nayenso anali nako kwake, koma kukagwirizana ndi maere kumawonjezera mphamvu.

Mtengo wa njirayi ndi waukulu: ndalama zambiri, zaka zingapo, anthu masauzande. Ndipo imatheka pokhapokha ngati chinthu chimene mukuyesacho chikuyembekezeka kuthandiza, komanso ngati palidi kukayika koona pakati pa akatswiri.

Pamene maere sangachitike

Simungapatse anyamata envelopu yowauza kuti asute ndudu 20 patsiku kwa zaka 30. Komabe palibe dokotala lero amene amakayika zoti fodya amayambitsa khansa ya m'mapapo. Mmene anafikira pamenepo ndi njira yachisanu, ndipo si kafukufuku wa mtundu wina ayi, koma kamangidwe ka mlandu.

Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anafunsa odwala m'zipatala za ku London. Mwa amuna 649 odwala khansa ya m'mapapo, awiri okha ndiwo sankasuta, pamene mwa amuna 649 odwala matenda ena, osasuta analipo 27. Mu 1951 anayamba kutsatira madokotala a ku Britain, amuna oposa 34,000, ndipo kafukufukuyo anatha zaka 50. Amene anawatsutsa kwambiri anali Ronald Fisher, katswiri wa masamu amene ndiye anakhazikitsa njira ya maere pa kafukufuku wa zaulimi. Iye anati mwina pali chibadwa china chimene chimachititsa munthu kukonda fodya komanso kudwala khansa, ndiye fodyayo alibe mlandu. Fisher ankasuta ndipo ankalangiza makampani a fodya, koma mfundo yake sinali yopusa. Ndi yofanana ndendende ndi ya Chisilamu ku Rakai.

Yankho linachokera kwa Jerome Cornfield ndi anzake mu 1959, ndipo ndi losavuta kulimvetsa. Ngati osuta amadwala kuwirikiza kasanu ndi kanayi kuposa osasuta, ndipo zonsezo zikuchokera ku chibadwa chobisika, ndiye kuti chibadwacho chiyenera kupezeka mwa osuta kuwirikiza kasanu ndi kanayi kapena kuposerapo kuposa mwa osasuta. Palibe anatha kuonetsa chinthu chotero. Cornfield sananene kuti chachitatu kulibe, ananena kukula kumene chiyenera kukhala nako, n'kusiyira otsutsa ntchito yochipeza. Pamwamba pa izi panabwera umboni wina umene ganizo la Fisher linkalephera kuufotokoza. Osuta ndudu zambiri ankadwala kwambiri kuposa osuta zochepa. Osiya kusuta chiopsezo chawo chinkatsika ndi zaka, pamene chibadwa chawo sichinasinthe. Khansa ya m'mapapo inachuluka m'dziko lonse patapita zaka makumi angapo ndudu zitafala, ndipo chibadwa cha mtundu wa anthu sichisintha mofulumira choncho. Phula la mu utsi wa fodya litapakidwa pa khungu la mbewa, zotupa zinamera.

Mu 1965 Hill anasonkhanitsa maganizo amenewa kukhala mfundo zisanu ndi zinayi zoyang'anira, monga kukula kwa kusiyana, kubwerezeka m'malo osiyanasiyana, chimene chinayamba, ndi kukwera kwa matenda pamene mlingo ukukwera. Iye mwini anachenjeza kuti si malamulo ochonga, koma ophunzira ambiri amazichonga basi, ndipo zikatero phindu lake limatha. Ntchito yake yeniyeni ndi kutenga chifukwa chopikisana, kuchitchula dzina, n'kufunsa kuti chikanakhala choona tikanaona chiyani.

Tsopano bwezerani muyeso wa Cornfield pa mdulidwe, muone chifukwa chake nkhani ziwirizi zinafuna njira zosiyana. Akafukufuku ongoyang'ana a mu Africa ataphatikizidwa, osadulidwa ankaoneka ndi chiopsezo chowirikiza kawiri kapena kupitirira pang'ono. Kuti chinthu chobisika chifotokoze kuwirikiza kawiri, chimangofunika kukhala chochuluka kuwirikiza kawiri kapena katatu mwa gulu limodzi ndiponso chokhudza matendawo mwamphamvu, ndipo zinthu zotero zinali poyera: chipembedzo, mowa, dera. Mdulidwe ulibenso mlingo woti n'kuona ngati wochuluka ukuteteza kwambiri, ndipo palibe "osiya" oti n'kuwatsatira. Zida zimene zinagwetsa ganizo la Fisher zinalibe pogwira. Koma maere anali otheka, chifukwa amuna ambiri ankafuna kudulidwa. Pa fodya zinali zotembenuka: maere osatheka, koma kusiyana kwakukulu koti chobisika sichingakubise. Ine ndikawerenga lipoti lonena kuti chakudya chakutichakuti chimawonjezera matenda ndi 10 kapena 20 pa 100, lochokera pa kungoyang'ana anthu, ndimaliika pambali kaye, chifukwa kusiyana kochepa choncho kungabwere ndi kusauka, msinkhu kapena kusayeza bwino.

Funso lofanana, yankho losiyana

Chinthu chimodzi chimene maere sachita ndi kuyankha funso limene sanafunsidwe. Akafukufuku atatu aja anali a amuna opanda kachilombo, otenga kuchokera kwa akazi, m'madera amene HIV ndi yochuluka, odulidwa ndi anthu ophunzitsidwa amene anachotsa khungu lonse. Sananene za amuna ogonana ndi amuna anzawo, sananene za mdulidwe wochotsa khungu pang'ono, ndipo sananene ngati mkazi amatetezeka mwamuna wake wokhala ndi kachilombo akadulidwa.

Funso lomalizali linayesedwa pa lokha. Kutsatira mabanja ku Rakai kuja kunaonetsanso ngati akazi a amuna odulidwa okhala ndi kachilombo ankatenga mochepa, ndipo zinali zomveka kuyembekezera kuti maere avomerezanso monga anavomerezera poyamba. Maria Wawer ndi anzake anagawa ndi maere amuna 922 okhala ndi HIV, n'kutsatira akazi awo amene analibe. Zotsatira zinatuluka mu 2009. Mwa akazi 92 amene amuna awo anadulidwa, 17 anatenga, pamene mwa akazi 67 amene amuna awo sanadulidwe, anatenga asanu ndi atatu. Ndiye kuti 18 pa 100 poyerekeza ndi 12 pa 100. Manambalawa ndi ochepa kwambiri moti ofufuzawo sananene kuti mdulidwe unavulaza akazi, kusiyanako kukanatha kubwera mwamwayi. Anangonena kuti chitetezo sichinaoneke, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa poona kuti kupitiriza sikukanasintha yankho. Anaonanso kuti akazi a m'mabanja amene anayambiranso kugonana bala lisanapole ankatenga mochulukirapo kuposa a m'mabanja amene anadikira, koma gawo limeneli silinagawidwe ndi maere, mabanjawo anasankha okha, ndiye analitchula ngati chenjezo lofunika kuuza anthu, osati ngati chinthu chotsimikizika.